Tsiku lobadwa pa pepala la Chitchaina

Pepala lochokera ku China likalembedwa 2003年5月8日, Mmalawi wozolowera kuyamba ndi tsiku akhoza kusokonezeka. Atchaina amayamba ndi chaka, kenako mwezi, tsiku n'kukhala kumapeto, ndipo zilembo 年, 月 ndi 日 zimaimira zitatuzi. Deti limeneli ndi la pa 8 Meyi 2003, osati pa 5 Ogasiti. Apa mpofewa.

Povuta ndi pa kalendala yoyendera mwezi wakumwamba, imene amaitcha 农历. Boma la China limalemba ziphaso zake motsata kalendala yomwe ifenso timagwiritsa ntchito, koma m'mabuku a mbiri ya banja, m'makalata a achikulire ndi pa miyala ya kumanda, kalendala yakaleyi ikadalipo. Imadziwika ndi mawu ake: mwezi woyamba ndi 正月, womaliza ndi 腊月, ndipo masiku khumi oyambirira amayamba ndi chilembo 初.

Tinene kuti kalata ya banja ikuti mwana anabadwa 1989年腊月三十, tsiku la 30 la mwezi wa 12. Womasulira wopupuluma alemba 30 Disembala 1989, ndipo walakwitsa tsiku, mwezi ndi chaka chomwe. Chaka cha Atchaina chimayamba pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale. Mu 1990 chinayamba pa 27 Januwale, choncho tsiku lotseka chaka chakalecho linali 26 Januwale 1990. Pasipoti ya munthuyo ikatchula 1990 pomwe pepala lomasuliridwa likutchula 1989, a ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko amaona ngati ndi anthu awiri, kapena kuti wina akunama.

Palinso mwezi wobwereza, umene amawonjezera pakatha zaka ziwiri kapena zitatu kuti kalendala isasiyane ndi nyengo. Chizindikiro chake ndi 闰. Mu 2023 mwezi wachiwiri unabwera kawiri, wobwerezawo kuyambira pa 22 Malichi. Kudumpha kachilembo kameneka ndi kuchotsa mwezi wathunthu pa deti. N'chifukwa chakenso zikondwerero sizikhala malo amodzi: chapakati pa nyengo yokolola, cha tsiku la 15 la mwezi wa 8, chinali pa 29 Sepitembala mu 2023 koma pa 17 Sepitembala mu 2024.

Ine ndimaona kuti womasulira asamasinthe deti mwakachetechete. Alembe monga zilili pa pepalapo, anene kuti ndi kalendala ya mwezi, kenako aike deti lathu pambali atalipeza m'tebulo losinthira madeti, monga limene Hong Kong Observatory imatulutsa. Ngati chiphaso cha unzika cha munthuyo chilipo, ayerekeze: pa manambala ake 18, kuyambira yachisanu ndi chiwiri kufika ya 14 ndi chaka, mwezi ndi tsiku lobadwa. Zikasemphana, alembe zonse ziwiri ndipo mwini pepala akakonzetse kwawo kumene linachokera.