Mwana akamati 72 kuchotsa 38 ndi 46

Mwana wa mlongo wanga ali ndi zaka 9, ndipo tsiku lina anandipatsa kope lake la masamu nkhope ili yakugwa. Tsamba lonse linali lofiira ndi cholembera cha aphunzitsi. Mayi ake anali ataweruza kale kuti mwanayu ndi wamasewera. Ine nditayang'anitsitsa ndinaona zina. Pa 72 kuchotsa 38 analemba 46. Pa 61 kuchotsa 24 analemba 43. Pa 83 kuchotsa 47 analemba 44. Mwana wamasewera amalakwitsa mwachisawawa, apa izi apo izo. Uyu ankalakwitsa mwadongosolo, kusonyeza kuti pali lamulo limene ankalitsata mokhulupirika.

Ndinamufunsa kuti andionetse mmene anapezera 46.

"Amalume, 2 kuchotsa 8 sizingatheke, ndiye ndangopanga 8 kuchotsa 2. Yatsala 6. Kenako 7 kuchotsa 3, yatsala 4."

Lamulo lake linali limeneli: pamzere uliwonse, chotsa nambala yaing'ono ku yaikulu, kaya yaikuluyo ili pamwamba kaya pansi. Sanalitole kutchire ayi. Pamene ankayamba kuchotsera, masamu onse anali ngati 78 kuchotsa 32, pomwe nambala zapamwamba ndizo zazikulu, ndipo lamulolo linkamupatsa mayankho olondola tsiku ndi tsiku. Ndani angataye msanga chinthu chimene chakhala chikumupezetsa zochonga? Akatswiri awiri a ku Amereka, John Seely Brown ndi Richard Burton, analemba za zimenezi mu 1978, kuti ana ambiri olakwitsa kuchotsera amatsata njira yokhazikika imene yangopotoka pamalo amodzi. N'chifukwa chake kumupatsa mwana wotere masamu ena 20 a mtundu womwewo sikuthandiza. Mukungomuzoloweza njira yake yopotokayo.

Musanayambe kukonza, dziwani kaye pamene papotoka, chifukwa pali cholakwa china chofanana nacho. Mwana wina amabwereka bwinobwino, 2 n'kukhala 12, achotsa 8 itsala 4, koma amaiwala kuti 7 ija yachepa. Ameneyu pa 72 kuchotsa 38 amalemba 44, pamene yankho lenileni ndi 34. Choncho samu imodzi yomweyi imakuuzani zambiri: 46 ndi mwana wotembenuza nambala, 44 ndi mwana wobwereka osachepetsa kumene wabwereka. Koma samalani posankha samu yoyesera. Mukapereka 52 kuchotsa 37, ana onse awiriwa alemba 25, pakuti 7 kuchotsa 2 ndi 5, ndiponso 12 kuchotsa 7 ndi 5 yomweyo. Pamenepo simungadziwe kuti wadwala chiyani ndani.

Ife tinasiya kope n'kupita panja kukathyola timitengo. Tinamanga mitolo ya timitengo 10 ndi luzi, mpaka mitolo inakwana 7, ndipo pambali pake tinaika timitengo 2 tosamanga. Ndinamusiya awerenge yekha mpaka avomereze kuti pansipo pali 72. Kenako ndinati andipatse 38. Nambala yapansiyo musamaiyale ndi timitengo take, chifukwa mwana akaona milu iwiri amayamba kuiyerekeza, ndipo kutembenuza kuja kumabwereranso. Pansi pakhale 72 yokha, 38 ikhale ngongole imene mukuitanitsa.

Anandipatsa mitolo 3 msangamsanga, kenako anaima. Ndinkafuna timitengo 8, iye ali ndi 2 tokha tosamanga. Apa mpamene munthu wamkulu amafunika kudzigwira. Ndinakhala chete, mwina mphindi yathunthu, mpaka anafunsa monyinyirika kuti, "Ndimasule umodzi?" Atamasula, timitengo tosamanga tinakwana 12. Anandipatsa 8, kwa iye kunatsala mitolo 3 ndi timitengo 4.

Tinabwerezanso, koma ulendo uno kuyambira ku timitengo tosamanga, monga mmene timachitira polemba, ndipo ndinamuimitsa atangomasula mtolo. Pansi panali mitolo 6 ndi timitengo 12. Ndinafunsa kuti tsopano zonse pamodzi ndi zingati. Anayamba kuwerenga kamodzikamodzi, n'kudabwa kupeza 72 yomwe ija. Funso limeneli ndi limene ambiri timalidumpha, chonsecho ndiye mutu wa nkhani: 60 ndi 12 ndi 72 yomweyo, yangomangidwa mwina. Palibe chawonjezeka, palibe chatayika.

Kunena zoona, mawu akuti kubwereka sindiwakonda. Chobwereka chimabwezedwa, koma pano palibe chimene chibwerera. Mwana amene akuganiza kuti wangobwereka 1 kwa mnansi saona chifukwa choti mnansiyo achepe, komanso samvetsa kuti 1 wobwerekayo wasanduka bwanji 10. Kusukulu apitiriza kunena kuti kubwereka, ndipo mwana ayenera kuwadziwa mawuwo, koma kunyumba muzinena kuti kumasula mtolo, kapena kusintha ndalama, monga mmene K100 imasinthidwira kukhala tindalama 10 ta K10.

Tsopano kope libwere, likhale pambali pa timitengo, ndipo chilichonse chimene dzanja lachita pansi chilembedwe nthawi yomweyo. Mwana alembe 72 pamwamba, 38 pansi, mawani pansi pa mawani, mateni pansi pa mateni. Ayambe ndi mawani n'kudzifunsa mokweza kuti: ndili ndi 2, akufuna 8, zikwana? Sizikwana. Amasule mtolo, ndipo asanachite china chilichonse akhwatche 7 n'kulemba 6 pamwamba pake. Atatero mpamene alembe 1 kutsogolo kwa 2 kuti ikhale 12. Ndondomeko imeneyi, kukhwatcha kaye kenako kulandira, ndiyo mankhwala a mwana wolemba 44 uja. Kenako 12 kuchotsa 8 ndi 4, 6 kuchotsa 3 ndi 3, yankho 34. Pomaliza aphatikize 34 ndi 38 kuti aone ngati 72 ibwerera. Mwana wathuyu ataphatikiza 46 yake yakale ndi 38 anapeza 84, n'kuseka yekha.

Ziro amabweretsa vuto lakelake. Pa 402 kuchotsa 158, mwana akufuna mtolo woti amasule koma pamateni palibe kanthu. Ambiri anauzidwa kuti ziro amasanduka 9, ndipo amalembadi 9 koma 4 osamukhudza, n'kupeza 344. Apa mangani mitolo 10 pamodzi kukhala chimtolo cha 100. Mwana amasule chimodzi, mahandiredi atsale 3, mateni akhale 10. Amasulenso mtolo umodzi mwa 10 imeneyi, mateni atsale 9, mawani akhale 12. Tsopano 12 kuchotsa 8 ndi 4, 9 kuchotsa 5 ndi 4, 3 kuchotsa 1 ndi 2, yankho 244. Waona ndi maso ake kumene 9 uja amachokera. Timitengo 400 n'tambiri kuthyola, choncho mapepala olembedwa 100, 10 ndi 1 angagwire ntchito yomweyo.

Chenjezo kwa akuluakulu ena amene anaphunzira njira yakale yobweza 1 ku nambala yapansi: njirayo imapereka yankho lolondola, koma musaisakanize ndi ya mwana. Akachepetsa pamwamba n'kuwonjezeranso pansi, achotsa kawiri, 34 n'kukhala 24.

Patapita mlungu ndinamuyesanso, popanda timitengo. Masamu obwereka anakhoza onse, koma pa 78 kuchotsa 32 anakhwatcha 7 n'kulemba 6, pomwe panalibe chomasulira mtolo. Kuyambira tsiku limenelo ndimamusakanizira masamu, ena ofuna kumasula, ena osafuna, ndipo asanagwire pensulo amayamba wandiuza kuti ndi ati amene mawani ake sakwana.