Manambala awiri amene amasankha foni yolandira pulogalamu

Foni yakale ija, yolandira kwa achimwene a ku Joni, nthawi zina imakana pulogalamu imene mnzanu waika mosavuta pa yake. Pa Play Store pulogalamuyo siioneka n'komwe. Kawirikawiri foniyo ilibe vuto lililonse: wolemba pulogalamu ndiye anaika nambala imene inaitsekera kunja.

Android iliyonse yatsopano imapatsidwa nambala yake yotchedwa API level. Android 6.0 ya mu 2015 ndi 23, Android 8.0 ya mu 2017 ndi 26, Android 13 ndi 33, ndipo Android 15 ndi 35. Wolemba pulogalamu amasankhapo manambala awiri n'kuwalemba chonchi:

```
minSdk = 23
targetSdk = 35
```

Yoyambayo ikuti foni yosafika pa 23 siingaike pulogalamuyi. Yachiwiriyo siitsekereza foni iliyonse. Imangouza Android kuti pulogalamuyi inayesedwa ndi malamulo a pa 35, choncho foni yatsopano isaichitire chifundo ngati pulogalamu yakale. Apa ndi pamene ongoyamba kumene amasochera. Amaganiza kuti akakweza targetSdk ataya eni mafoni akale, pomwe chowataya ndi minSdk yokha.

Ndipotu pa targetSdk wolemba alibe ufulu wambiri. Google Play imakweza malire chaka ndi chaka; kuyambira pa 31 Ogasiti 2025 inafuna kuti mapulogalamu atsopano a pafoni, komanso okonzedwanso, afike pa 35. Ngakhale wogawa pulogalamu yake pa Bluetooth sathawa kwenikweni, chifukwa Android 14 imakana kuika pulogalamu imene targetSdk yake ili pansi pa 23.

Tiyerekeze kuti wina akulemba pulogalamu yokumbutsa mamembala a banki m'khonde tsiku lobweza ngongole. Ntchito yake yonse yagona pa kauthenga kotulukira pamwamba pa foni, ndipo malamulo a kauthengako anasintha kawiri. Kuyambira pa 26, uthenga uliwonse uyenera kukhala m'gulu lake, lotchedwa NotificationChannel. Pulogalamu ya targetSdk 35 ikaiwala kupanga gululi, uthengawo suoneka pa foni ya Android 8.0 kupita m'tsogolo. Pulogalamuyo siizima kapena kudandaula. Amayi amangopezeka alipira chindapusa chochedwera.

Koma foni ya pa 23 siidziwa gulu limeneli, ndipo ikalamulidwa kulipanga, pulogalamu imazima pomwepo. Choncho wolemba amayamba wafunsa foniyo msinkhu wake:

```
if (Build.VERSION.SDK_INT >= 26) {
    manager.createNotificationChannel(channel)
}
```

Akaiwala funsoli, chida cha Lint cha mu Android Studio chimamuchenjeza ndi dzina loti NewApi. Chenjezoli si lonyozera, pakuti foni yake yatsopano siingamuonetse vutolo ngakhale ayese kangati.

Kusintha kwachiwiri kunabwera pa 33. Pa Android 13 kupita m'tsogolo, pulogalamu yongoikidwa kumene siitumiza uthenga mpaka mwini foni atavomera chilolezo cha POST_NOTIFICATIONS, ndipo pulogalamu ya targetSdk 33 kapena kuposa iyenera kupempha yokha. Ndiye kuti kapulogalamu kamodzika kali ndi njira zitatu: ya 23 mpaka 25, ya 26 mpaka 32, ndi ya 33 kupita pamwamba. Iliyonse ifunika kuyesedwa payokha. Mtengo weniweni wa minSdk yotsika ndi umenewu: nthawi yolemba ndi kuyesa.

Nanga bwanji osangoika minSdk pa 26, njira imodzi ichoke? Yankho lili m'matumba mwa mamembala. Mafoni otchipa a Android Go, ngati ena a itel ndi Tecno, anayamba ndi Android 8.1, imene ndi 27, kotero 26 siiwakhudza. Otsalira ndi amene ali ndi Android 6 kapena 7. Pulogalamu imene ili kale pa Play Store, mwini wake amaona mu Play Console kuti oigwiritsa ntchito ali pa Android iti. Ikakhala yatsopano, ndi bwino kupita kumsonkhano wa gulu n'kutsegula Settings pa foni iliyonse. Ine ndingadalire zimenezi kuposa ziwerengero za dziko lonse lapansi zimene Android Studio imaonetsa, chifukwa ngati msungichuma wa gulu ndiye ali ndi Android 7, munthu mmodziyo ndi wokwanira kusunga 23.

Kutsika kulinso ndi malire ake. Zidutswa za pulogalamu zimene wolemba amabwereka kwa ena, monga za AndroidX, nazo zili ndi minSdk yawo. Chimodzi chikafuna 23 iye ataika 21, ntchito yomanga pulogalamu imaima ndi uthenga woti Manifest merger failed. Zikatero amasankha kukweza nambala yake, kapena kukakamira chidutswa chakale chimene mwina eni ake analeka kuchikonza.