Malamulo a Foni M'ndege ndi Malangizo Operekedwa Isananyamuke

Chitseko cha ndege chikangotsekedwa, ogwira ntchito m'ndegemo amalengeza kuti aliyense azimitse foni yake kapena aiike pa Flight mode, yomwe mafoni ena amailemba kuti Airplane mode. Batani limeneli, lokhala ndi chithunzi cha kandege, limadula kulumikizana kwa foni ndi nsanja za netiweki. Foniyo imakhalabe yoyaka, ndipo mwini wake angathe kuwerenga, kujambula zithunzi kapena kumvera nyimbo zomwe anasunga kale. Chomwe sangathe ndi kuimba, kulandira uthenga kapena kulowa pa intaneti kudzera m'netiweki ya pansi.

Lamulo lodziwika kwambiri loletsa mafoni m'mlengalenga silinachokere kwa oyang'anira za ndege. Linakhazikitsidwa mu 1991 ndi FCC, bungwe loyang'anira mawailesi ndi mafoni ku America, ndipo nkhawa yake inali pa netiweki ya pansi. Foni ili pansi imalankhulana ndi nsanja yapafupi, chifukwa mapiri ndi nyumba zimaitchingira zina. Ikakwera m'mwamba palibe choitchinga, choncho mphamvu yake imafika pa nsanja zambiri nthawi imodzi, pomwe ndegeyo ikudutsa nsanjazo pa liwiro loposa makilomita 800 pa ola. Mafoni ambiri otere akanasokoneza anthu oimba ali pansi.

Oyendetsa ndege ali ndi chifukwa chawochawo. Foni ikasowa netiweki imawonjezera mphamvu pofunafuna nsanja, n'chifukwa chake batire limatha msanga kumalo komwe netiweki ndi yofooka. Aliyense amene anaikapo foni pafupi ndi wailesi kapena sipika amadziwa kaphokoso kodukizadukiza komwe kamamveka foni ikatsala pang'ono kulira. Kaphokoso komweko kangathe kulowa m'mahedifoni a woyendetsa ndege pamene akumvera malangizo ochokera kwa oongolera ndege pabwalo. Foni imodzi yoiwalika m'chikwama siigwetsa ndege, ndipo ndege zamakono zili ndi mawaya otetezedwa bwino. Koma malangizo a kutera, monga nambala ya msewu woterapo kapena kutalika komwe ndege iyenera kutsikirapo, sayenera kumveka mwatheka, makamaka usiku kapena kukachita nkhungu. Kudina batani limodzi n'kotchipa kuposa kuyesa mwayi.

Kale zipangizo zonse zinkazimitsidwa ponyamuka ndi potera. Mu 2013 FAA, bungwe loona za ndege ku America, ndi EASA, linzake la ku Ulaya, analola kuti mafoni ndi zipangizo zing'onozing'ono zizikhala zoyaka ulendo wonse, bola zikhale pa Flight mode ndipo kampani yatsimikiza kuti ndege zake sizisokonezeka. Laputopu imaikidwabe m'chikwama ponyamuka ndi potera, koma chifukwa chake ndi kulemera: ndege ikaima mwadzidzidzi, chinthu cha makilogalamu awiri chimauluka n'kuvulaza munthu. Makampani amasiyana pa malamulo ang'onoang'ono, ndipo mawu omaliza amakhala a ogwira ntchito m'ndege. M'maiko ambiri kukana kuwamvera ndi mlandu, ndipo wokanayo angapeze apolisi akumudikira potsika.

Waifai ya m'ndege siitsutsana ndi lamulo limeneli. Foni ikakhala pa Flight mode, waifai ndi Bluetooth zimatha kuyatsidwanso pazokha, netiweki ya pansi ili chizimire. Mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, chifukwa foni imangolankhulana ndi kabokosi komwe kali m'ndege momwemo, ndipo ndegeyo inayesedwa kale kuti ipirire zimenezo. Kuchokera pa kabokosiko uthenga umapita ku mlongoti wobisika pa kachinunda ka pamsana pa ndege, kenako ku setilaiti, n'kutsikira pansi. Masetilaiti akale ali pa mtunda wa makilomita 35,786, kotero uthenga umatenga nthawi yoposa theka la sekondi kupita ndi kubwerera, ndipo masamba a intaneti amatseguka mozengereza. Masetilaiti a Starlink, omwe Qatar Airways inayamba kugwiritsa ntchito mu 2024, amazungulira pa makilomita pafupifupi 550, ndipo kuchedwako kumachepa kwambiri. Ndege zambiri za maulendo afupiafupi zilibe waifai nkomwe. Zina zili nayo yoonetsera mafilimu okha, yopanda intaneti. Makampani ambiri amaletsa kuimbirana mawu pa WhatsApp ngakhale waifai ilipo, pofuna bata la okwera ena.

Pali msampha umodzi wokhudza ndalama. Ndege zina zoyenda maulendo aatali zili ndi kansanja kawo ka netiweki. Foni yomwe sinaikidwe pa Flight mode ingathe kulumikizana nako yokha, n'kuyamba kudya ndalama pa mtengo wa kunja, womwe kawirikawiri sulowa m'mabando wamba.

Choopsa chenicheni cha foni m'ndege ndi batire lake. Mabatire a lithiyamu akaphwanyika kapena akatentha kwambiri amayaka okha, ndipo moto wake umabukanso ngati batirelo silinazizidwe ndi madzi ambiri. Mu Okutobala 2016 foni ya Samsung Galaxy Note 7 inaletsedwa m'ndege za ku America ndi za makampani ambiri chifukwa cha vuto lomweli. N'chifukwa chake mapawabanki ndi mabatire apadera saloledwa m'chikwama chopita kunsi kwa ndege, komwe kulibe munthu woona utsi. Ayenera kukhala m'chikwama cha m'manja.

Malire ake amawerengedwa mu Wh. Batire losapitirira 100 Wh limaloledwa popanda chilolezo. La pakati pa 100 ndi 160 Wh limafuna chilolezo cha kampani, ndipo saloleza oposa awiri. Loposa pamenepo siliyenda ndi wokwera. Vuto ndi lakuti mapawabanki ambiri amalembedwa mu mAh. Munthu wochoka ku Lilongwe kupita ku Joni ali ndi pawabanki ya 20,000 mAh awerengere motere: 20,000 kuchulukitsa ndi mavoti 3.7, omwe ndi mphamvu ya batire la mtundu umenewu, kenako kugawa ndi 1,000. Yankho ndi 74 Wh, ndipo ikwera. Ya 30,000 mAh imapereka 111 Wh, ndipo imafuna chilolezo. Pawabanki yomwe zilembo zake zinafufutika ingathe kulandidwa pachipata, popeza palibe chotsimikizira kukula kwake. Makampani ena, monga Emirates kuyambira mu Okutobala 2025, amaletsanso kuigwiritsa ntchito m'ndege. Ndipo foni ikagwera m'mphako ya mpando, mpandowo usasunthidwe mpaka ogwira ntchito afike, chifukwa zitsulo zake zingafinye batire.

Ndege ikamalowera ku msewu wonyamukira, amayamba malangizo a chitetezo, mwina pa kanema, mwina ogwira ntchito ataima pakati pa mipando. Malamulo a ICAO, bungwe la maiko onse loona za ndege, amafuna kuti okwera auzidwe za lamba, zitseko zothawirapo, majekete oyandamitsa ndi mpweya wa okosijeni. Malangizowa amafanana m'ndege zambiri, koma malo a zitseko ndi mtundu wa jekete zimasiyana, n'chifukwa chake m'thumba la mpando muli khadi la ndege imeneyo.

Lamba amamangidwa mothina m'chiuno, osati pamimba. Amamasulidwa pokweza kachitsulo ka pamwamba, pomwe wa galimoto amamasulidwa podina batani, ndipo munthu wamantha amafunafuna batani lomwe kulibe. Ndi bwino kumusiya womanga ngakhale nyali ya lamba itazima, chifukwa ndege imatha kugwedezeka mwadzidzidzi kumwamba kuli mbee.

Za okosijeni zili ndi lamulo lomwe makolo ambiri amalimva mowawa: kudziveka wekha usanaveke mwana. Chifukwa chake ndi nthawi. Pa mtunda wa mafiti 35,000, mpweya wa m'ndege ukatuluka, munthu amakhala ndi masekondi 30 mpaka 60 asanayambe kusokonezeka mutu. Kholo lomwe layamba ndi mwana lingakomoke lisanamalize, onse awiri n'kusowa wowathandiza. Chophimba kukamwa ndi mphuno chikagwa kuchokera pamwamba, chimakokedwa kuti mpweya uyambe kutuluka. Kathumba kake mwina sikafufuma, koma mpweya umakhala ukuyenda. M'ndege zambiri mpweyawo umatha pakapita mphindi 12 kapena kuposerapo pang'ono, nthawi yokwanira kuti woyendetsa atsikire pa mafiti 10,000, pomwe munthu amapuma popanda chothandizira.

Jekete yoyandamitsa imakhala kunsi kwa mpando kapena pafupi nawo. Imavalidwa m'ndege, koma chingwe choifufumitsira chimakokedwa potuluka pakhomo. Pa 23 Novembala 1996 ndege ya Ethiopian Airlines, yomwe inalandidwa ndi zigawenga itanyamuka ku Addis Ababa, inatha mafuta n'kugwera m'nyanja pafupi ndi chilumba cha Grande Comore. Mwa anthu 175, anthu 125 anafa. Ena anapulumuka pa kugwako, koma anali atafufumitsa kale majekete. Madzi atalowa, majeketewo anawakankhira kudenga la ndege, ndipo analephera kumira kuti atulukire pansi pa madzi.

Gawo la zitseko ndilo limafuna maso kwambiri. Ndege yaikulu isanaloledwe kunyamula anthu, opanga ake amayenera kuonetsa kuti onse angatuluke m'masekondi 90, theka la zitseko litatsekeka. Wokwera amalangizidwa kuwerenga mizere ya mipando kuchoka pomwe wakhala kufika pa chitseko chapafupi, chomwe chingakhale kumbuyo kwake, chifukwa mu utsi maso sagwira ntchito ndipo amatsala ndi manja ndi tinyali ta pansi. Mpando woongoka ndi tebulo lopinda zimasiya njira yotseguka. Zotchingira mawindo zimatsegulidwa m'makampani ambiri kuti moto wakunja uoneke chitseko chisanatsegulidwe, ndipo usiku nyali zimachepetsedwa kuti maso azolowere mdima. Okhala pa mzere wa chitseko amafunsidwa ngati angathe kuchitsegula, ndipo ana saikidwapo. Apa foni imabweranso: munthu wotseka makutu ndi mahedifoni samva malangizo, ngakhale foni yake ili pa Flight mode.

Lamulo lomaliza ndi losiya katundu yense. Chikwama chimatseka njira, chimachedwetsa amene ali kumbuyo, ndipo chingathe kung'amba chotsetserekera chofufuma chomwe anthu amatsikirapo. Pa 2 Januwale 2024 ndege ya Japan Airlines ya mtundu wa Airbus A350 inawombana ndi ndege yaing'ono potera pa bwalo la Haneda ku Tokyo, ndipo inagwira moto. Zitseko zitatu zokha mwa zisanu ndi zitatu ndizo zinagwiritsidwa ntchito. Okwera anasiya katundu wawo monga anauzidwira, ndipo anthu onse 379 anatuluka amoyo ndegeyo isanapseretu.