Onenerera malonda pa foni: mawu oyamba aulule za malipiro

Pakati pa Chileka ndi Lirangwe pali ntchito ina yopanda sitolo kapena benchi ya pamsika. Amaigwira ndi achinyamata amene ali ndi owatsatira ambiri pa Facebook ndi TikTok: azisudzo, oyimba, atsikana oluka tsitsi. Mwini malonda amawapempha kuti anenerere katundu wake, iwo n'kujambula, n'kulemba mawu pansi pa chithunzi. Malipiro amabwera pa Airtel Money kapena Mpamba, koma nthawi zina amangokhala bando, chitenje, kapena kangachepe pa kasitomala aliyense amene wabwera. Zonsezi ndi malipiro, ngakhale ambiri amati “anangondipatsa”.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Lirangwe walandira mabotolo awiri a mafuta odzola ndi K20,000 kuchokera kwa wogulitsa wa ku Lunzu. Akalemba kuti “Amayi, mafuta awa andithandiza, fulumirani”, wowerenga amaona ngati ndi mnzake akumutsina khutu. Kuyika `#ad` kumapeto, pambuyo pa mahashitagi khumi, sikukonza kanthu, chifukwa Facebook imadula mawu aatali n'kubisa otsalawo kuseri kwa `See more`, ndipo wosunga bando sadina pamenepo. Komanso mayi wogulitsa tomato pa kamsika ka mumsewu wa M1 angadziwe bwanji tanthauzo la zilembo ziwirizo? Mzere woyamba uyenera kunena m'Chichewa chomveka: “Awa ndi malonda. Eni mafutawa andilipira ndipo andipatsa mabotolo awiri aulere.” Zoyamikira zibwere pambuyo, ndipo zikhale zimene waona yekha atadzola.

Instagram ndi TikTok zili ndi chizindikiro cha `Paid partnership`, ndipo ndi bwino kuchiyatsa. Koma kuno vidiyo sikhala pamene yaikidwa. Anthu amaitsitsa n'kuigawana pa WhatsApp, ikafika kumeneko mawu apansi aja atsala m'mbuyo. N'chifukwa chake wodziwa ntchito amanenanso ndi pakamwa, koyambirira kwa vidiyo, kuti walipidwa.

Lamulo la Competition and Fair Trading Act la 2024 limaletsa kusocheretsa ogula, ndipo bungwe la CFTC limalandira madandaulo otere. Pa mankhwala, azitsamba omwe, pali bungwe la PMRA loyang'anira kutsatsa kwake, choncho kuulula malipiro sikupereka chilolezo chonena kuti mafuta amachiza chikanga. Kunja zinthu zinafika povuta: mu 2022 Kim Kardashian anavomera kulipira madola 1.26 miliyoni ku bungwe la SEC la ku America chifukwa sananene kuti analandira madola 250,000 ponenerera ndalama za pa intaneti za EthereumMax, chikhalirecho `#AD` anali atalemba.

Ovuta kwambiri ndi eni malonda, amene amafuna kuti ziwoneke ngati wonenerera wangozikonda yekha. Nkhani ya mzere woyamba uja ikambidwe pamodzi ndi mtengo, ndalama isanalowe mu foni.