Kulengeza wosewera watsopano popanda kukokomeza

Mu 2024, timu ya Lyon ku France itatenga Tabitha Chawinga, wolemba chilengezo sanafunikire kumutcha "mfumukazi ya zigoli". Nambala inali yokwanira: zigoli 19 mu ligi ya dzikolo ali ku PSG, kuposa wosewera wina aliyense.

Chiganizo choyamba chimatchula dzina, malo amene amasewera m'bwalo ndi kutalika kwa mgwirizano. Wa Tabitha unali wofika mu 2027.

Msampha uli pa timu imene akuchokera. Ku PSG Tabitha anali wobwerekedwa kuchokera ku Wuhan ya ku China, choncho kulemba kuti Lyon yamugula ku PSG kukanakhala kunama, ngakhale kuti ochemerera akanakondwa nako. Ndalama nazo sizilembedwa ngati matimuwo sanaziulule, ndipo mawu akuti "wasaina" amadikira mpaka wosewerayo atapimidwa ndi madokotala n'kusainadi.