Kupempha mlangizi wotanganidwa kuti muzikumana mwezi ndi mwezi

Munthu amene wakhalitsa pantchito sakana kawirikawiri kulangiza wachinyamata. Chimene amaopa ndi pempho lopanda malire. Mawu oti "bwana, muzindithandizako" amamveka ngati chiyambi cha kupempha ntchito kapena ngongole, n'chifukwa chake yankho lake limakhala "tidzaona". Pempho lomwe limalandiridwa msanga limatchula nkhani yake, kutalika kwa nthawi, ndiponso pamene zidzathere.

Mwachitsanzo, mtsikana amene wangoyamba ntchito yowerengera ndalama ku Blantyre angalembere mayi wodziwa ntchitoyo kuti: "Mayi, ndikupempha kuti tizikumana kamodzi pamwezi, kwa mphindi 45, kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ndikufuna kuphunzira kafotokozedwe ka malipoti a ndalama kwa mabwana. Ndizibwera ku ofesi kwanu." Mayiwo atha kuwerengera okha kuti onse pamodzi ndi maola anayi ndi theka, ndipo akudziwa kuti sadzamangika mpaka kalekale.

Tsiku lokumana limasankhidwa potsata kalendala ya mlangizi. Kwa owerengera ndalama, kumapeto ndi kumayambiriro kwa mwezi ndi nthawi ya malipiro ndi kutseka mabuku. Msonkho wa PAYE umayenera kufika ku MRA pasanadutse pa 14, wa VAT pa 25. Mpata weniweni uli pakati pa masiku awiriwa, choncho Lachinayi la sabata yachitatu lingakhale bwino, makamaka m'mamawa mafoni asanayambe kulira. Tsiku lokhazikika limaposa kupangana mwatsopano mwezi uliwonse, chifukwa uthenga wofunsa kuti "mupezeka liti?" ndi womwe umakhala osayankhidwa.

Malamulo amakambidwa pa kukumana koyamba, ndipo ambiri amagwera wophunzira. Iyeyo ndiye amatumiza mafunso awiri kapena atatu kutatsala masiku awiri, amalemba zomwe agwirizana, ndipo mwezi wotsatira amayamba ndi kunena zomwe wachitapo. Awiriwo amamvananso ngati WhatsApp ndi yololedwa pakati pa mwezi, komanso kuti zokambirana zimathera pomwepo. Pantchito ya ndalama lamuloli ndi lolemera: wophunzira sabweretsa mabuku enieni a kampani yake kapena kutchula makasitomala, amangofotokoza vutolo. Nkhani yofuna ntchito kapena kubwereka ndalama imaikidwa pambali, pokhapokha mlangizi ataiyambitsa yekha.

Kulephereka kukumana kumachitika ndithu, maliro sapangana ndi munthu. Chofunika n'kugwirizaniratu kuti tsiku likaphonyeka, wophunzira apereke masiku ena awiri m'mwezi womwewo. Koma mlangizi akasintha tsiku kawiri motsatizana osatchula lina, ndiye kuti katunduyo wamulemera, ngakhale ulemu sungamulole kunena. Apo wophunzira amachita bwino kufunsa yekha ngati kukumana pakatha miyezi iwiri, kapena kuyankhulana pafoni kwa mphindi 20, kungapepukeko.

Miyezi isanu ndi umodzi ija ikakwana, wophunzira amathokoza ndi kunena zomwe zasintha pantchito yake. Kupitiriza kumafuna pempho latsopano, lokhala ndi malire akeake.