Soya wa kopaletivi amayamba kudya ndalama asanagulitsidwe

Tiyerekeze kopaletivi ya alimi a soya ku Mchinji, ya mamembala 50, aliyense wolima ekala imodzi. Bajeti yawo imayenera kulembedwa mu Seputembala, mvula isanagwe, chifukwa mbewu ndi inokulanti zikagulidwa pamodzi mtengo umatsikako.

Vuto limabwera mu Epulo. Aliyense akakolola matumba 10 a makilogalamu 50, ndiye kuti matumba 500, matani 25, akufuna posungira. Apa makomiti ambiri amaiwala kuwerengera masaka, mapaleti, mlonda wa usiku, ndiponso kupepuka kwa soya akamauma. Soya wolowa m'nyumba ali ndi chinyezi choposa 13 peresenti amachita nkhungu, ndipo wogula amamukana kapena kudula mtengo.

Lole ya matani 10 iyenda katatu kupita ku Lilongwe, ulendo womaliza itanyamula theka lokha, koma mwini wake adzalipiritsabe ulendo wathunthu.

Chovuta kwambiri ndi kudikira. Mitengo imakonda kukwera miyezi ingapo zokolola zitatha, koma membala akufuna fizi ya mwana lero. Bajeti ikapanda ndalama yomupatsa pang'ono poperekera soya, amakagulitsa kwa venda, ndipo matumba 500 aja sakwana.